Lipoti la msonkhano: mtundu wa nyenyezi ndi kutentha kwake

A wapampando ndi aphunzitsi anzathu nonse,

Munatituma awiri ku msonkhano wa aphunzitsi a sayansi umene unachitikira pa boma la Mchinji. Zokambirana zinalipo zingapo, koma takubweretserani imodzi imene ana amatifunsa kawirikawiri: kodi kutentha kwa nyenyezi kumadziwika bwanji, poti palibe anafikako? Yankho lake lili pa mtundu wa kuwala kwake, ndipo phunzirolo lingayambire pa mbaula.

Ikani msomali pa makala oyaka, m'chipinda cha mdima koma cholowa mphepo. Poyamba umatentha osaoneka kusintha. Ukapitirira madigiri 500 umayamba kufiira mozilala. Mukakupiza moto, kufiirako kumawala, kenako kumapita ku olenji cha m'ma 900 kapena 1,000. Pa mbaula mwina mulekeza pomwepo, koma osula amene ali ndi mvukuto amachifikitsa chitsulo pa chikasu, mpaka kuyera chikadutsa 1,300. Wosula sagwiritsa ntchito choyezera, amangoyang'ana mtundu n'kudziwa kuti chitsulo chapsa. Akatswiri a nyenyezi amachita zomwezo, kungoti iwo amaika manambala.

Chifukwa chake n'chotere. Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo mtundu uliwonse wa mu utawaleza uli ndi utali wake wa funde. Utaliwu amauyeza m'mananomita, ndipo mu milimita imodzi muli mananomita 1,000,000. Kuwala kofiira kuli ndi mafunde aatali, pafupifupi 700, pamene kwa buluu kuli ndi aafupi, pafupifupi 450. Maso athu amaona kuyambira cha pa 400 kulekeza cha pa 700 basi. Chinthu chotentha chimatulutsa mafunde osiyanasiyana nthawi imodzi, koma osati mofanana. Mafunde aafupi amafuna mphamvu zambiri kuti atuluke, choncho chinthu chotentha pang'ono chimatulutsa kwambiri aataliwo, n'kuoneka chofiira. Kutentha kukamakwera mafunde onse amachuluka, koma aafupi amachuluka mothamanga kuposa anzawo. Buluu akasakanikirana mokwanira ndi mitundu inayo chinthucho chimayera, ndipo akaipitirira chimaoneka choyera mopita ku buluu. Chitsulo sichifika pamenepo chifukwa chimasungunuka pa madigiri 1,538, koma nyenyezi zimafika.

Katswiri wa ku Jeremani, Wilhelm Wien, anapeza lamulo lake mu 1893. Funde limene chinthu chikutulutsa kwambiri limapezeka pogawa nambala imodzi ndi kutentha kwa chinthucho:

```
λ (nm) = 2,900,000 / T (K)
```

Apa λ ndi utali wa funde m'mananomita, T ndi kutentha m'makelivini. Kelivini mumaipeza powonjezera 273 pa madigiri amene tinazolowera. Mwana akaiwala kuwonjezera, pa nyenyezi yankho limangopatuka pang'ono, koma pa msomali wa madigiri 500 limalakwikiratu, ndiye muwazoloweze kuyambira pachiyambi.

Tiyese ndi dzuwa, pakuti nalonso ndi nyenyezi. Zida zikayeza kuwala kwake zimapeza kuti kwachuluka cha pa mananomita 500. Tembenuzani lamulo lija: 2,900,000 kugawa ndi 500 ndi 5,800. Ndiye kuti pamwamba pa dzuwa pali makelivini pafupifupi 5,800, amene ndi madigiri 5,500. Tikuti pamwamba chifukwa kuwala kumene kumatifika kumachokera pa chikhungu cha kunja. Pakati pa dzuwa pali madigiri pafupifupi 15 miliyoni, ndipo mtundu sunena kanthu za kumeneko.

Ana aone ndi maso awo pa Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija. Chakumpoto kwake kuli nyenyezi yowala yofiirira, imene pa mapu a nyenyezi a pa foni imalembedwa Betelgeuse. Chakummwera, pa mtunda wofananako, kuli ina yoyera mopita ku buluu, yolembedwa Rigel. Yofiirayo ili ndi makelivini pafupifupi 3,600, ndipo mukagawa mupeza mananomita 800 ndi pang'ono. Nambalayi yadutsa malire a maso, kutanthauza kuti kuwala kwake kochuluka sitikuona, ndipo pa kumene timaonako kofiira ndiye kwakula. Rigel ili ndi makelivini pafupifupi 12,000, amene akupereka 240. Nayonso yatuluka m'malire a maso, koma mbali inayo, n'chifukwa chake buluu ndiye amalamulira. Apa ana ambiri amasokonezeka, poti pa mipope chofiira chimasonyeza madzi otentha, buluu ozizira. Kumwamba n'zotembenuza: nyenyezi yofiira ndiyo yozizirirapo, ngakhale kuti kuzizira kwakeko kungasungunule chitsulo chilichonse cha m'nyumba mwathu.

Mphunzitsi wina anafunsa funso limene tinalikonda: mananomita 500 ali chifupi ndi mtundu wobiriwira ngati msipu, nanga bwanji dzuwa silibiriwira? Lamulo lija limangonena pamene kuwala kwachuluka kwambiri, silinena kuti mitundu ina palibe. Dzuwa limatulutsanso kofiira ndi kwa buluu kochuluka ndithu, ndipo diso likalandira yonse pamodzi limaona kuyera. N'chifukwa chake simudzapeza nyenyezi yobiriwira. Musalole mwana kuyang'ana dzuwa kuti atsimikize, liononga maso.

Tsono zimene zimasokoneza. Chachikulu kuno ndi utsi ndi fumbi. Miyezi yotentha tchire, kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, utsi umamwaza kuwala kwa buluu n'kusiya kofiira, monga mmene dzuwa limafiirira polowa. Nyenyezi imene ili m'munsi, kuwala kwake kumadutsa mu mpweya wambiri, ndipo imaoneka yozizira kuposa mmene ilili. Tambasulani dzanja, mufumbate chibakera: chimodzi ndi madigiri pafupifupi 10 a mlengalenga. Dikirani nyenyezi ikwere zibakera zitatu musanaweruze mtundu wake. Ikamaphethira n'kumasinthasintha mitundu, dziwani kuti ndi mpweya ukuchita zimenezo.

Diso nalo lili ndi malire, silizindikira mtundu wa kuwala kofooka. Nyenyezi zowala za mu Nsangwe n'zotentha kupitirira makelivini 10,000, koma ndi maso zimangooneka zotuwa. Sankhani zowala kwambiri zokha, ndipo muyerekeze ziwiriziwiri, chifukwa kusiyana kumaoneka bwino kuposa kuyang'ana imodzi payokha.

Lamuloli ndi la zinthu zowala chifukwa cha kutentha kwake. Pulaneti ya Mazi ndi yofiira chifukwa cha dzimbiri la m'dothi lake, imangobweza kuwala kwa dzuwa, ndipo n'kozizira kwambiri. Lawi la buluu la pa sitovu ya gasi limachokera ku mpweya umene ukupsa, ndiye musalipereke ngati chitsanzo. Kuwala kwambiri nakonso si umboni wa kutentha: Betelgeuse imawala chonchija chifukwa cha kukula, m'mimba mwake imaposa dzuwa maulendo mazanamazana.

Akamwiniatsatana amaoneka bwino madzulo kuyambira Disembala mpaka Malichi, koma ndi nthawi ya mitambo. Ife tikupempha kuti ana tiwasonkhanitse kumayambiriro kwa Epulo cha m'ma 7 koloko madzulo, nyenyezizi zikadali pamwamba chakumadzulo, pa bwalo lopanda magetsi. Masana a tsikulo tidzafuna mbaula imodzi, makala, misomali itatu ya mainchesi sikisi, pulayazi yogwirira ndi ndowa ya madzi. Msomali agwire mphunzitsi yekha, ndipo mazenera akhale otsekula ngakhale mwatchinga kuwala ndi nsalu, chifukwa mpweya wa makala umapha m'chipinda chotseka. Tsiku lenileni a wapampando atiuze pa msonkhano ukubwerawu.