Chilengezo cha maliro

Abale ndi alongo, ndi chisoni tikudziwitseni kuti mayi awo a msungichuma wathu atisiya dzulo usiku kuchipatala, atadwala kwa nthawi yaitali.

Thupi lili ku mochale. Mawa m'mawa tilitenga kupita nalo kunyumba ku Ndirande, komwe tikhuze usiku wonse. Loweruka mamawa tinyamuka ulendo wa kumudzi ku Ntcheu, ndipo mwambo woika maliro uyamba 1 koloko masana.

Chipepeso ndi K5,000 membala aliyense, koma amene angathe kuwonjezera asazengereze, chifukwa bokosi ndi galimoto sizinalipiridwe. Popeza msungichuma ndiye namfedwa, ndalama perekani kwa mlembi, pamanja kapena pa Mpamba, lisanafike Lachisanu madzulo. Amayi, tithandizane ufa, nkhuni ndi ndiwo kusiwa. Ofuna malo m'galimoto lembetsani lero.