Inu a kampani ya foni, amayi anga akanadziwa bwanji kuti woimbayo si wanu?

Ndalemba poyera pano chifukwa kuofesi kwanu ndapitako kawiri ndipo yankho ndi lomwe lija lakuti nkhani ili m'manja mwa akuluakulu. Papita masabata atatu tsopano.

Amayi anga amagulitsa kachewere pa Lizulu. Ndalama akagulitsa sasunga pa mpango ngati kale, amakaika mu foni kwa ejenti, ndipo amene ndinawaumiriza kutero ndine, poopa akuba a m'minibasi. Tsiku limene anaberedwa mu akaunti munali K186,000, ya matumba amene anapikulitsa kwa anthu a ku Blantyre, ndipo ina inali yoti akagulire feteleza.

Cha m'ma 11 koloko foni inalira. Mwamuna wa mawu ofatsa anawapatsa moni, nawatchula mayina onse awiri monga alili pa chiphaso cha unzika. Anati akuimba kuchokera kulikulu lanu, nambala yawo sikugwirizana ndi chiphaso, ndiye ikafika 12 koloko simu itsekedwa ndipo ndalama zili m'menemo zivuta kutulutsa. Anawauza kuti asadule foni, awathandiza pompo. Posakhalitsa panalowa uthenga wa Chingerezi wokhala ndi manambala, iye n'kuti awerenge manambalawo. Anawerenga. Kenaka anati, "Tsopano mayi, kuti titsimikize kuti simu ndi yanudi, tchulani pini yanu." Amayi anakayika, n'kufunsa ngati zimenezo n'zololedwa. Yankho lake linali lakuti pini sauza munthu wamba, koma iye ndi wa kampani, ndipo akuiona kale pa kompyuta, akungofuna aone ngati zikufanana.

Anatchula. Foni isanabwerere n'komwe m'thumba, mauthenga awiri analowa: K150,000 yapita, K35,000 yapita.

Amayi si munthu wopusa. Pa msika paja palibe amene angawabere pa chenji. Chimene chinawagwetsa ndi dzina lija, ndipo mpaka lero amafunsabe kuti, "Nanga akanakhala wakuba akanandidziwa bwanji?" Zinanditengera masiku kuti ndizindikire kuti dzina si umboni wa chilichonse. Aliyense amene ali ndi nambala yako akhoza kuyamba ngati akukutumizira ndalama, dzina lako limatuluka pa foni yake kuti atsimikize, iye n'kungosiyira pomwepo osatumiza. Nambalayo kuipeza n'kosavuta. Kwa ejenti timaitchula mokweza anthu ali pamzere, ndipo imalembedwa m'kaundula amene amakhala chitsegukire pa tebulo, pambali pake pali ndalama zimene waika. Pa zikwangwani za malonda timailemba tokha. Kodi munayamba mwawauzapo makasitomala anu zimenezi m'Chichewa chomveka?

Bodza lalikulu linali lija lakuti pini akuiona pa kompyuta. Mtsikana amene anandithandiza kuofesi kwanu, yekhayo amene anandilankhula ngati munthu, anandifotokozera kuti wantchito wa kampani kapena wa banki saona pini ya kasitomala. Imayesedwa ndi makina pamene mwini wake waitayipa, basi. N'chifukwa chake ukaiwala pini sakukumbutsa yakale, amakonza zoti usankhe ina wekha. Ndiye munthu akangoti tchulani pini, kaya akudziwa dzina lako, mudzi wako ndi mfumu yako, nkhani yathera pomwepo, ameneyo si wa kampani. Manambala obwera pa uthenga aja nawonso ndi kiyi. Amabwera chifukwa wina akuyesa kutsegula akaunti yako pa foni ina, ndipo makina akufuna umboni wakuti simu ili m'manja mwake. Amayi atawerenga manambalawo anapereka umboniwo, atatchula pini anapereka chotsala.

Apa ndiye pali dandaulo langa loyamba. Uthenga umenewo ndinauwerenga madzulo ake. Kumapeto kwake kunalidi chenjezo lakuti manambalawa usauze munthu, koma m'Chingerezi. Mauthenga otsatsa mabandulo ndi mipikisano mumatha kuwatumiza m'Chichewa, tsiku lililonse, ena usiku anthu tili m'tulo. Uthenga umodzi wokhawo umene ukanapulumutsa ndalama za feteleza ndi umene munausiya m'chilankhulo chimene amayi samva. Mawu akuti "musauze aliyense manambalawa, ngakhale wonena kuti ndi wa kampani" akanakhala koyambirira, manambala asanaoneke, bwenzi pano tikukamba zina.

Lachiwiri ndi nambala. Wakubayo anaimba pa nambala wamba ya manambala khumi, yonga yanga ndi yanu. Ndinawauza amayi kuti chimenecho chokha chinali chizindikiro. Anandiyang'ana n'kunena kuti anyamata ovala malaya a kampani yanu, olembetsa masimu pansi pa ambulera, amawaimbiranso pa nambala zotero. Ndinasowa chonena. Ngati anthu anu enieni amaimba pa nambala iliyonse, ife tisiyanitsa bwanji? Lengezani nambala imodzi imene mumaimbira makasitomala, muilembe pa khoma la ejenti aliyense. Ngakhale pamenepo ndikudziwa kuti zooneka pa foni akatswiri amatha kuzinamizira, n'chifukwa chake kunyumba kwathu takhazikitsa lamulo limene silidalira nambala ya woimba: dulani foni, muimbe nokha nambala yaifupi ya chithandizo imene mukuidziwa kale, mufunse ngati simu ili ndi vuto. Nambala imene wakupatsani woimbayo ayi. Wantchito weniweni sangakwiye kuti mwadula. Amene amakakamira kuti musadule, kuti kwatsala mphindi zochepa, kuti musafunse mwana wanu, akuopa kuti mukapeza mpata woganiza mumutulukira.

Lachitatu ndi limene likundiwawa kwambiri. Amayi anandiimbira nthawi yomweyo akulira. Ine ndinali ku Ntcheu boma, ndinaimba nambala yanu ya chithandizo pasanathe mphindi khumi chiberedwe. Ndinamvera nyimbo, ndinadina 1, ndinadina 3, foni inaduka, ndinayambiranso. Pamene ndinapeza munthu panali patadutsa mphindi zoposa 40, ndipo anandiuza kuti ndalama zatulutsidwa kale kwa ejenti. Akuba amadziwa kuti ndalama ikakhala mu akaunti ikhoza kuimitsidwa, ndiye amathamangira kukaitulutsa. Inunso mukudziwa. Bwanji palibe njira yachidule ya munthu amene waberedwa kumene, yoti adine kamodzi akaunti yolandirayo iyambe yaimitsidwa? Wofuna kufunsa za bandulo ndi woberedwa amaima pamzere umodzi.

Tsiku lomwelo tinasintha pini, ndipo m'mawa mwake tinakatenga lipoti la apolisi monga munanenera. Ndinakupatsani nambala imene inaimba, nambala imene inalandira ndalama, nthawi yake ndi manambala a mauthenga onse awiri. Simu iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa ndi chiphaso, munatiimika pamizere chifukwa cha zimenezo. Ejenti amene anatulutsa ndalamazo ali ndi nambala yake m'makina anu. Komabe dzulo ndayesa nambala ya wakubayo ngati ndikutumiza ndalama, dzina latuluka bwinobwino, kusonyeza kuti akaunti ikugwirabe ntchito.

Sindikunena kuti amayi sanalakwitse. Pini anatchula okha, ndipo akudziimba mlandu kuposa mmene wina aliyense angawaimbire. Panopa abwerera ku mpango, akuti foni ndi yolandirira moni basi. Chimene ndikufuna kwa inu ndi kalata yonena zimene mwapeza, kutseka nambala ija isanaimbire mayi wina wa ku Tsangano kapena ku Bembeke, ndi kumasulira uthenga uja m'Chichewa. Musandiyankhe zoti ndibwere ku uthenga wamseri kuti mundithandize, ndinabwerako kale ndipo nambala ya dandaulo muli nayo. Likafika Lachisanu kulibe yankho, mapepala onsewa ndikawatula ku MACRA ndi ku Reserve Bank of Malawi.