Intavyu yawombana ndi opaleshoni ya mayi anga, ndipemphe bwanji tsiku lina?

Okondedwa Anti,

Ndithandizeni nzeru chonde. Ndinaitanidwa ku intavyu ya ntchito ya ukalaliki wa za ndalama pa kampani ina, Lachiwiri sabata ya mawayi 9 koloko m'mawa, ndipo ndinayankha kale pa imelo kuti ndidzabwera. Ndiye mayi anga agwa kubafa athyoka fupa la m'chiuno, pano ali kuchipatala ndipo adokotala anena kuti opaleshoni yawo ndi Lachiwiri lomwelo m'mawa. Mayiwo ndi achikulire, chigwereni mutu wawo ukumasokonekera nthawi zina, ndiye akuchipatala akufuna wachibale akhale pafupi polowa ku fiyeta ndi potuluka. Achimwene anga ali kutali sangafike, wotsala ndine.

Zoti ndikhala ndi mayi anga ndatsimikiza kale, pamenepo sindikufunsa. Chomwe chandithetsa nzeru ndi kapemphedwe kake kuti intavyu isinthidwe tsiku koma mwayi wanga usafe, chifukwa ntchitoyi ndikuifuna ndi mtima wonse.

Aliyense akundiuza zake. Achimwene pa foni akuti ndilembe kalata yaitali yofotokoza zonse, mmene mayi anagwera, dzina la wodi, ndiikepo ndi chithunzi cha chikalata cha adokotala kuti aone kuti sindikunama. Mnzanga wina akuti ndisanene n'komwe za matenda, ndingoti pagwa zina, ati mabwana akamva kuti uli ndi wodwala amaganiza kuti uzidzajomba ukayamba ntchito. Ine zonse ziwiri sizikundikhala bwino. Za mu fayilo ya mayi anga ndi zawo, sindikuona chifukwa choti anthu amene sanandionepo n'komwe aziwerenga matenda awo, komanso munthu wolemba anthu ntchito ali ndi maimelo ambirimbiri sangakhale pansi kuwerenga ndime zisanu za chisoni changa. Koma kungoti "pagwa zina" nakonso kukumveka ngati munthu amene wapeza intavyu ina yabwino kwina ndiye akuzemba. Ndikuganiza kuti chiganizo chimodzi chokwanira, choti mayi anga akuchitidwa opaleshoni tsiku lomwelo, basi.

Zomwe ndalemba ndi izi, sindinatumize:

"Zikomo pondiitana ku intavyu ya Lachiwiri 9 koloko m'mawa. Pepani kwambiri, mayi anga agonekedwa kuchipatala mwadzidzidzi ndipo opaleshoni yawo ili tsiku lomwelo, choncho sinditha kubwera pa nthawi imene tinagwirizana. Ntchitoyi ndikuifunabe kwambiri. Ngati n'kotheka ndingabwere Lachisanu sabata yomweyo nthawi iliyonse kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko, kapena Lolemba lotsatira nthawi iliyonse. Ngati kudikira kukuvutani, ndingathe kuchita intavyuyi pa Zoom Lachinayi 2 koloko masana. Ngati masiku amenewa sakukuyenerani ndiuzeni lomwe lingatheke, ndiyesetsa."

Pansi ndaika dzina langa lonse, nambala ya foni ndi dzina la ntchito imene ndinafunsira, chifukwa mwina akulemba anthu pa maudindo angapo nthawi imodzi. Ndikufuna ndiyankhe pa imelo yomwe ija anandiitanira, osayamba ina yatsopano, kuti akangotsegula aone tsiku lakale lili pomwepo asavutike kufufuza kuti ameneyu ndi ndani.

Funso langa loyamba ndi la kupepesa. Ndapepesa kamodzi kokha, kodi sizikuoneka ngati mwano? Mtima wanga ukufuna kuti ndilembe pepani koyamba, pakati ndi kumapeto komwe, koma ndikawerenga yoteroyo ikumveka ngati ndikupempha kuti andimvere chisoni, pomwe chomwe iwo akufuna kudziwa ndi choti ndibwera liti. Sindinalakwire munthu mwadala, ngozi ndi ngozi, komabe ndikudziwa kuti ndawasokonezera pulogalamu. Mu imelo yawo analemba kuti ofunsa adzakhala atatu, ndiye kusintha tsiku langa ndi kusintha makalenda a anthu atatu, mwinanso ndi chipinda chimene anasungitsa. Ndiye kamodzi kakwana kapena ndiwonjezere mawu osonyeza kuti ndikudziwa chipsinjo chimene ndawapatsa?

Funso lachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pakundisowetsa tulo, ndi masiku amene ndaperekawo. Lachitatu ndalisiya dala chifukwa munthu akangochoka ku fiyeta tsiku lotsatira limakhala lovuta, ululu, kusanza, sangadzuke yekha, ndipo ine ndidzakhala nditachezera usiku wonse pampando, kupita ku intavyu ndi maso ofiira mutu uli kuwodi ndi kungotaya mwayi. Koma ndikuopanso kupita patali. Ndimamva kuti ofunsa amakonda kuona anthu onse a pa shotilisiti tsiku limodzi kapena awiri otsatizana kenako n'kukhala pansi kusankha zinthu zikadali m'mutu, ndiye ndikati Lolemba mwina adzakhala atagwirizana kale za munthu wina, ine n'kungondiona mwaulemu chabe. N'chifukwa chake ndaikapo za Zoom Lachinayi, ngakhale kunena zoona ndimalankhula bwino pamaso ndi pamaso, ndipo ndiyenera kudzachoka kuchipatala kukapeza malo a phee okhala ndi netiweki yabwino, mu kolido ya wodi sizingatheke.

Palinso china. Opaleshoni imatha kusunthidwa, anamwino andiuza okha kuti BP ya mayi ikakwera kapena magazi akapezeka ochepa, kapena kukabwera wina wovulala kwambiri, adzaikankhira tsiku lina. Nanga ikapita Lachinayi kapena Lachisanu, masiku omwe ine ndalonjeza? Kusintha kamodzi anthu amamvetsa, kachiwiri ndikukayika ngati angandidikirenso. Kodi ndingopereka Lolemba ndi Lachiwiri la sabata inayo kuti ndikhale wotsimikiza, ngakhale kuli kutali, kapena ndisiye mmene ndalemberamu n'kupeza munthu woti adzandigwirire kwa maola ochepa zikasintha? Azakhali anga ena anati angathe kubwera chakumapeto kwa sabata koma sanatsimikize, ndipo sindikufuna kulonjeza kampani tsiku potsamira mawu a "ndiona".

Chomaliza ndi foni. Pa imelo paja pali nambala ya mayi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito. Maganizo anga ndi oti nditumize imelo kaye m'mawa ofesi ikangotsegulidwa, kenako ndiimbe kungonena kuti ndatumiza uthenga wokhudza intavyu ya Lachiwiri chonde auone, chifukwa imelo ikhoza kukhala osawerengedwa mpaka Lolemba madzulo, iwo n'kudzandidikira Lachiwiri n'kulemba kuti sanabwere. Koma kuimba ndi kulemba zonse ziwiri si kuwatopetsa? WhatsApp ndaikana ndekha popeza iwo sanandilemberepo kumeneko. Ndipo akapanda kuyankha, ndidikire mpaka liti ndisanaimbenso, Lolemba m'mawa kapena masana?

Ndiuzeninso Anti, akadzandipatsa tsiku lina, kodi polowa m'chipindamo nkhani ya mayi ndidzaiyambe ndine pothokoza kuti anandimvetsa, kapena ndidzangoti zikomo posintha tsiku n'kudikira mafunso awo? Ndipo akakana kuti tsiku ndi lomwelo basi, pali mawu oti ndingayankhe kuti adzandikumbukire pakadzapezeka malo ena?

Ndine wanu,
Mtsikana wodikirira mayi ake kuchipatala