Madzi a ku Kapichira asanafike m'minda, tidziwe kuti zikavuta aluza ndani

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuno kuchigwa cha Shire, kuchokera ku Kapichira kutsika ndi boma la Chikwawa kulowera cha ku Bangula m'boma la Nsanje. Ntchitoyi inayamba m'chaka cha 2020 ndi thandizo la Banki ya Dziko Lonse pamodzi ndi Banki ya Chitukuko ya mu Africa, ndipo cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 43,000 ndi madzi oyenda okha popanda kupopa ndi magetsi. Za kukumba ndi za simenti ndizisiyira akatswiri. Chimene ndikufuna kunenapo ndi kayendetsedwe ka minda imeneyi, pakuti boma lanena poyera kuti silidzalima lokha kapena kulamula lokha ngati momwe zinkakhalira m'masikimu akale. Alimi akuphatikiza minda yawo n'kupanga makopaletivi, makopaletiviwo adzalemba akatswiri kapena makampani owayendetsera ulimi, ogula mbewu adzakhala makampani enanso, pamene mafumu ndi makomiti a malo akuchitira umboni za malire motsatira lamulo la malo a makolo la 2016.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Kopaletivi ya Phata, imene inayamba mu 2011, imalima nzimbe pa malo amene eni ake anaphatikiza, ulimiwo n'kumayendetsedwa ndi kampani ya Agricane, nzimbezo n'kumagulitsidwa ku fakitale ya Illovo ku Nchalo. Ku Majete nako, kuyambira 2003 boma linasunga umwini wa nkhalango ndi mphamvu ya malamulo, koma ntchito ya tsiku ndi tsiku linapereka ku bungwe la African Parks, ndipo mikango imene inatheratu kumeneko inabwereranso mu 2012. Choncho sindikutsutsa kuti boma ligwire ntchito ndi ena. Ndinakhalapo mlembi wa komiti ya alimi a nzimbe kwa zaka zingapo, ndipo ndinaona ndi maso anga kuti munda umene mfumu, mlangizi, kampani ndi eni ake akukokera kumodzi umabereka kuposa umene ukungodikira kalata yochokera ku Lilongwe.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sichinenedwa pa misonkhano yokhazikitsa mgwirizano, pamene aliyense wavala bwino ndipo akuti mutu umodzi susenza denga. Boma likamalamula lokha, zinthu zikalakwika timadziwa khomo lokagogoda, ngakhale kuti nthawi zambiri khomolo silitsekulidwa. Ogwira ntchito akakhala asanu, aliyense amakhala ndi pepala losonyeza kuti mbali yake anaichita, ndipo chitayiko chimagwera amene pepala lake silinena kanthu.

Ndifotokoze ndi nzimbe, popeza ndi zimene ndikuzidziwa. Fakitale sigula nzimbe poyang'ana kulemera kokha ayi, imayezanso kuchuluka kwa shuga amene angatuluke m'nzimbezo, ndipo mtengo umatsatira muyeso umenewo. Nzimbe zikatenthedwa ndi kudulidwa zimayamba kutaya shuga nthawi yomweyo, makamaka m'kutentha kwa kuno kwathu, kotero kuti zimayenera kugayidwa pasanathe masiku awiri kapena atatu. Chaka china mvula yoyamba inabwera tisanamalize kudula, n'kukokolola kamlatho ka pa msewu wotulukira m'munda mwathu. Nzimbe zinali zitatenthedwa kale, zina zitaunjikidwa m'mizere. Ndinapita kumeneko tsiku lachinayi, ndinatola phesi limodzi n'kulithyola, ndipo m'malo mwa fungo la shuga munkatuluka kafungo kowawasa ngati ka thobwa logona. Mayi wina wachikulire amene anali ndi gawo m'mundamo anandifunsa kuti, "Alembi, nanga izi alipire ndani?" Ndinalibe yankho, ndipo pamene tinakhala pansi kuwerenga makontrakiti tinapeza kuti yankho lake linali iye mwini.

Kampani yonyamula nzimbe inati kontrakiti yake imanena za kunyamula pa msewu wodutsika, ndipo inalondola. Kampani yoyendetsa munda inati tsiku lotentha nzimbe linatsatira ndondomeko yoperekera nzimbe imene tonse tinavomereza, ndipo inalondolanso. Ofesi yoona za msewuwo inati ndalama zokonzera milatho za chaka chimenecho zinali zisanafike. Wogula analipira malinga ndi shuga amene anapeza, monga mwa pangano. Panalibe wakuba, panalibe wonama, koma ndalama inatayika, ndipo inatayikira m'thumba limodzi lokha.

Chifukwa chake chili m'kagawidwe ka ndalama, ndipo ndikupempha owerenga amene akulowa m'makopaletivi atsopano kuti amvetse bwino pamenepa. Tiyerekeze, mongopereka chitsanzo, kuti pa K100 iliyonse yochokera kwa wogula, K30 ikupita kwa odula ndi onyamula, K30 ku feteleza, mankhwala ndi madzi, K15 ku ngongole ya kubanki, ndipo K5 kwa kampani yoyendetsa munda. Zotsala ndi K20, ndipo zimenezi ndi zimene eni minda amagawana malinga ndi kukula kwa malo amene aliyense anapereka. Tsopano shuga atsike pang'ono chabe chifukwa cha kuchedwa, wogula alipire K90 m'malo mwa K100. Wonyamula alandirabe K30 yake chifukwa amalipidwa pa tani, wogulitsa feteleza analandira kale, banki simva za mlatho, ndipo woyendetsa munda, ngati malipiro ake amawerengedwa pa ndalama zonse zolowa, angotaya matambala ochepa. Mlimi atsala ndi K10 kapena kuposerapo pang'ono. Mtengo watsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, koma phindu la mwini munda ladulidwa pakati, chifukwa iye ndiye amadya pomaliza.

Zoterezi zimakonzeka, ndipo zimakonzekera pa pepala madzi asanalowe m'munda. Malipiro a kampani yoyendetsa munda angathe kugawidwa pawiri, gawo lochepa lokhazikika ndi gawo lina lotsatira phindu limene latsala ndalama zonse zitachotsedwa, kuti mlimi akaluza nayonso imve kuwawa. Kontrakiti ya wonyamula ingathe kunena maola amene nzimbe zodulidwa ziyenera kukhala zitafika pa sikelo, ndi chilango chake ngati kuchedwako kwachokera kwa iye. Pa msewu ndi pamene pali povuta, chifukwa khonsolo kapena unduna susainira mlimi pangano lolipira chipukuta misozi. Chimene ife tinachita pambuyo pake ndi kupatula kandalama chaka chilichonse kokonzera tokha timilatho ta m'munda, ndi kugwirizana kuti moto usayatsidwe m'nzimbe munthu wa komiti asanayende msewu wonse m'mawa wa tsikulo. Ndi ntchito ya ola limodzi pa njinga, koma tinaiphunzira titataya ndalama za nyengo yonse.

Apa ndi pamene ndikuona kuti ntchito ya boma siichepa likasiya kulamula lokha, koma imasintha n'kukhala yovutirapo. Mlangizi wakale ankabwera ndi uthenga wakuti bzalani tsiku lakuti, thirani feteleza wakuti. Amene akufunika lero ndi munthu wa boma wodziwa kuwerenga kontrakiti ya masamba makumi atatu yolembedwa m'Chingerezi cha maloya, amene angakhale pambali pa bodi ya alimi pamene kampani yabwera ndi akatswiri ake a zowerengera ndalama. Bodi zathu zimasankhidwa chifukwa cha ulemu ndi kukhulupirika kwa munthu m'mudzi, zimene ndi zabwino, koma ulemu suthandiza kuona kuti mtengo wa dizilo walembedwa kawiri. Ofesi ya kaundula wa makopaletivi ili ndi mphamvu yoona kuti mabuku afufuzidwa chaka ndi chaka ndiponso kuti msonkhano waukulu wa mamembala wachitika, ndipo mphamvu imeneyo iyenera kuoneka kuno kumunda, osati pa tsiku lopereka satifiketi lokha.

Pali zizindikiro zimene membala wamba angaone kuti mgwirizano wayamba kupendekera mbali imodzi. Choyamba chimaoneka pa msonkhano wa pachaka, pamene ndalama zikuwerengedwa zonse pamodzi kuti "zowonongedwa pa ulimi" popanda kuziphwanya, ndipo wofunsa akuuzidwa kuti akubweza chitukuko m'mbuyo. China ndi pamene wapampando wa bodi wayamba kuyendera galimoto ya kampani imene iye akuyenera kuiyang'anira, mwina mwana wake walembedwanso ntchito komweko. Sindikunena kuti munthu wotero ndi woipa, koma pakamwa pamene pali nsima ya mwini wake sipatuluka funso lolimba. Ndipo ngati mapepala a pa sikelo, osonyeza matani ndi muyeso wa shuga wa lole iliyonse, amasungidwa ndi woyendetsa munda yekha popanda mlembi wa alimi kukhala ndi akeake, ndiye kuti alimiwo akungouzidwa zimene anakolola.

Funso lomweli likudikira pa ngalande yaikuluyo, ndipo pamenepo ogwira nawo ntchito ndi ochuluka kuposa a m'kamunda kathu. Tonse tikukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, magetsi n'kuzima m'dziko muno, ntchito ya pa mutu wa ngalande n'kuwonongeka. Madzi a pamalo amenewo ndi omwewo amene amapukusa makina a magetsi, ndipo ngalandeyo ikudutsa m'malo a nyama zakutchire, ikafika pa minda ya nzimbe ya kampani yaikulu ndi pa minda ya makopaletivi ang'onoang'ono. Chaka chimene Shire adzaphwe monga amachitira nyanja ikatsika, kapena chimene mchenga wa Mwanza ndi mitsinje ina yochokera kumapiri udzatseke njira ya madzi, wina adzayenera kuchepetsa kuthirira. Kopaletivi ya kumapeto kwa ngalande cha ku Bangula idzakhala itakongola kale mbewu ndi feteleza podalira madzi amenewo.

Pempho langa kwa a unduna, a makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje ndi mabungwe amene akuphunzitsa alimi ndi lakuti pangano la madzi pakati pa woyendetsa ngalande ndi kopaletivi iliyonse limasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chisena, liwerengedwe pabwalo pamaso pa mafumu ndi mamembala onse lisanasainidwe. Panganolo linene kuchuluka kwa madzi amene munda uliwonse udzalandire pa sabata, amene adzayambe kuchepetseredwa madzi akachepa, ngati mlimi adzalipirabe mtengo wonse wa madzi m'mwezi umene sanafike, komanso ofesi imene idzaweruze mkangano ndi masiku amene iyenera kukhala itayankha.

Ine wanu,

Mlembi wakale wa komiti ya alimi a nzimbe,
Chikwawa