Lipoti la msonkhano wa otho-kei: zomwe ndabwera nazo

A pampando ndi anzanga nonse a ntchito za maso, zikomo ponditumiza ku msonkhano wa masiku awiri uja ku Joni. Munandipatsa funso limodzi: kodi timagalasi togona nato, totchedwa otho-kei, tingayambe kupatsa ana athu osaona patali? Ndabwerako nditakhutira kuti timagwiradi ntchito, koma sindikulangiza kuti tiyambe panopa.

Otho-kei ndi kagalasi kolimba koma kodutsa mpweya, kamene munthu amaika m'diso pogona n'kuchotsa m'mawa. Pakati pake ndi pophwatalala kuposa koniya, ndipo pozungulira pali kangalande momwe misozi imadzazana. Zikope zikatsekeka kwa maola 6 mpaka 8, khungu lapamwamba la koniya limapyapyala pakati n'kukhuthala m'mbali. Khunguli lonse ndi lokhuthala pafupifupi mamayikironi 50 basi, ndiye pali malire a mphamvu yomwe ingachotsedwe. Bungwe la FDA ku Amereka litavomereza kagalasi koyamba kogona nako mu 2002, linaika malire pa -6.00, koma otiphunzitsa anati zimayenda bwino kwenikweni pa -4.00 kutsika m'munsi. Munthu amaona tsiku lonse wopanda magalasi, koma akasiya kuvala masiku angapo diso limayamba kubwerera mwakale. Makolo tiziwauza zimenezi poyambirira, chifukwa ambiri akamva amaganiza kuti mwana wachira.

Chimene chatchukitsa njirayi, makamaka kum'mawa kwa Asia, si kuvula magalasi ayi. Mwana wosaona patali diso lake limanka likutalika, ndipo otho-kei imachedwetsa kutalikako. Kafukufuku wa Pauline Cho ndi mnzake ku Hong Kong, wa mu 2012, anapeza kuti mwa ana a zaka 6 mpaka 10 diso linatalika mochepa ndi 43 peresenti pa zaka ziwiri poyerekeza ndi ovala magalasi wamba.

Phunziro limene ndinatolapo zambiri linali la mtsikana wa zaka 10, yemwe tinaona zithunzi za maso ake kuyambira tsiku loyamba. Mphamvu yake inali -3.00, ndipo mbali yophwatalala ya koniya inali 43.00. Posankha kagalasi amachotsa mphamvu ya mwanayo, n'kuchotsanso 0.75 yoonjezera kuti diso likamabwerera pang'ono masana, madzulo akhale akuonabe:

```
43.00 - 3.00 - 0.75 = 39.25 D
337.5 / 39.25 = 8.60 mm
```

Masamu ake ndi ophweka chonchi, koma sanena ngati kagalasi kakhale pakati usiku wonse. Zimenezo zimaoneka m'mawa mwake pa topogilafa, makina ojambula mapu a koniya. Kagalasi kakakhala bwino, mapu amaonetsa bwalo la buluu pakati pa mwana wa diso, lozunguliridwa ndi mkombero wofiira wathunthu. Kwa mtsikanayu diso lamanja linatero. Lamanzere bwalo linakwera m'mwamba, ndipo mbali yam'munsi ya mkombero wofiira inalowa m'kati mwa mwana wa diso ngati pakamwa pomwetulira. Iye ankadandaula kuti madzulo nyali zikuoneka ziwiriziwiri. Kagalasiko kanali kosazama mokwanira, ndiye kankatsetserekera pansi pa chikope cham'mwamba. Anakasiyitsa, anadikira kuti koniya ibwerere, n'kuitanitsa kozamirapo pang'ono. Kakazamanso mopitirira, pakatikati pamatsala kachilumba kotukuka ndipo mwana saona bwino ngakhale mumuike galasi lanji.

Mfundo ndi yakuti mtsikanayu ankawerenga zilembo za pa tchati bwino ndithu ndi diso lamanzerelo. Tikanamuyeza ndi zida zomwe ambiri a ife tili nazo, tikanamuuza kuti zonse zili bwino. Popanda topogilafa, ntchito imeneyi ndi yongopapasa mumdima. Komanso mwana ayenera kuonedwa m'mawa woyamba, pakatha sabata, pakatha mwezi, pakatha miyezi itatu, kenako miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo ulendo uliwonse timudonthezere fuloresini kuti tione ngati koniya yakalika. Banja lochokera kutali limene limavutika kupeza ya minibasi silingakwanitse maulendo onsewa, ngakhale litapeza ndalama ya timagalasi, timene timafunikanso kusintha pafupifupi chaka ndi chaka.

Za oyenera sindichulutsa. Ndi mwana yemwe mphamvu yake ikukwera chaka chilichonse, wa koniya yathanzi, wogona tulo tokwanira, ndipo pakhomo pali wamkulu woyang'anira kutsuka usiku uliwonse. Wamkulu wosewera mpira kapena wogwira ntchito pafumbi angathandizikenso. Wa keratokonasi, wa maso ouma, ndi amene anadwalapo chilonda cha koniya, ayi.

Ndinaimika dzanja n'kufunsa za ana amene timawaona tsiku ndi tsiku, a maso ofiirira ngati dothi, oyabwa, amanthongo onanda, otikita maso mpaka kalekale. Yankho linali lachindunji: kuyabwako kusanagonje ndi mankhwala, musaike kagalasi. Timatuza ta pansi pa chikope timakankha kagalasi n'kukanda koniya, ndipo mwa ana otikita maso omwewa ndi momwe keratokonasi imabisala. Mwana wotere akabwera mphamvu ikukwera, tisathamangire kunena kuti diso likutalika. Tiyambe taona koniya.

Chimene chandikhalitsa pansi kwambiri ndi madzi. Koniya imene yagona usiku wonse pansi pa kagalasi imachepa mpweya ndiponso imakalika mosavuta, ndiye tizilombo timapeza polowera. Kafukufuku wa ku Amereka wa mu 2013 anayerekeza kuti mwa ana 10,000 ovala kwa chaka, pafupifupi 14 amatuluka chilonda cha tizilombo. Chiwerengerocho ndi chochepa, koma ndi cha kumalo komwe mankhwala otsukira ali pa sitolo iliyonse. Ofufuza a ku Australia ataunika mu 2007 zilonda 123 zomwe zinalembedwa, zambiri za ku China, Taiwan ndi Hong Kong, anapeza kuti pafupifupi chimodzi mwa zitatu chinali cha akantamiba, kachilombo kokhala m'madzi a pampopi, m'thanki ndi m'chitsime. Taganizirani mwana wathu wa kusukulu yogonera komweko. Botolo la mankhwala latha pakati pa teremu, iye atsukira madzi a m'ndowa, ndipo palibe amene waona.

Chilonda cha akantamiba ndi cha kachilombo kena kotchedwa sudomonasi zimabwera mosiyana. Cha sudomonasi ndi chaliwiro: mwana adzuka diso lofiira, likutuluka mafinya, pa koniya pali kadontho koyera, ndipo m'masiku awiri chikhoza kudya pakati ponse. Cha akantamiba chimayenda pang'onopang'ono, ululu wake umaposa zomwe mukuona pa makina, ndipo kawirikawiri chimasokonezedwa ndi hepisi. Apa wina akapereka madontho a siteroyidi ndiye wawonjezera moto. Kuchiza kwake ndi miyezi, poyamba kudontheza ola lililonse usana ndi usiku, ndipo chipsera chikakhala pakati mwana saonanso bwino ndi diso limenelo. Zimandipweteka kuganiza kuti mwana amene magalasi wamba akanamukwanira angathere pamenepo chifukwa cha ife.

Lamulo lomwe anatipatsa la makolo ndi lalifupi. Madzi asakhudze kagalasi kapena kabokosi kake, manja aume asanagwire, ndipo ngati diso lafiira, likupweteka kapena likuopa kuwala, achotse kagalasi, asakavalenso, abwere tsiku lomwelo atatenga kabokosiko kuti kakapimidwe.

Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tigwirizane kuti aliyense wa ife asayambe otho-kei asanakhale ndi topogilafa, mankhwala otsukira osadukiza, ndi dokotala wa maso amene wavomera kulandira chilonda tsiku lomwelo. Pakadali pano ana ovala kale alipo, ochokera ku Joni kapena ku Mangalande obwera kutchuthi. Tiziwafunsa ngati amagona ndi kagalasi, chifukwa masana m'maso mwawo simuoneka kanthu ndipo muyeso wawo ukhoza kutinamiza. Kwa ana athu amene mphamvu ikukwera, tilembe muyeso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, tilimbikitse maola awiri panja tsiku lililonse, ndipo tikambirane za madontho a atiropini ochepa mphamvu. Zithunzi za mapu a mtsikana uja ndinaloledwa kutenga, ndidzabwera nazo kuti tidzaone pamodzi.