Lipoti la msonkhano wa nthumwi za mabanki mkhonde: ngongole yoyambira geni

A tcheyamani, alembi, amsungichuma ndi mamembala anzanga nonse,

Munandituma kuti ndikaimire gulu lathu ku msonkhano wa nthumwi za mabanki mkhonde a m'dera lathu lino, womwe anaitanitsa alangizi a chitukuko. Zambiri zomwe zinakambidwa ndi zimene timatsata kale: kugula masheya pa mkumano uliwonse, thumba la zadzidzidzi, bokosi la maloko atatu, ndi kugawana kumapeto kwa chaka. Zimenezo sindibwereza. Nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali, ndipo ikutikhudza kwambiri chifukwa cha anzathu atsopano aja, ndi ya munthu amene akutenga ngongole koyamba kuti ayambe geni.

Lamulo lathu limati munthu angathe kubwereka mpaka katatu kuposa masheya ake. Alangizi anati ambiri amalimva lamuloli ngati likuti "tenga zonse", pomwe limangonena malire. Funso loyamba lisakhale lakuti ndingatenge zingati, koma lakuti geni yangayi ikufuna zingati kuti izungulire.

Anatichitira chitsanzo cha mayi wofuna kuyamba mandasi. Mitengoyi ndi yongofanizira, aliyense aikepo ya pamsika wathu. Ufa wa tirigu, shuga, yisiti, mafuta ophikira ndi nkhuni za tsiku limodzi tinene kuti ndi K12,000, ndipo akazinga mandasi 80 ogulitsa K200 limodzi. Atatha onse apeza K16,000. Koma satha onse. Ena apserera, ena atsala mpaka kuuma, ndipo ana sangaone beseni la mandasi pakhomo osalawako. Choncho tinawerengera 70, ndiye kuti K14,000. Phindu lenileni ndi K2,000 pa tsiku. Akagulitsa masiku asanu pa sabata ndi K10,000, pa mwezi K40,000.

Mayiyu akufuna zingati? Zipangizo za masiku awiri, K24,000, kuti tsiku lina malonda akavuta asalephere kukazinga mawa lake, ndi K6,000 ya chidebe chovundikira. Zonse K30,000. Mphika ndi mbaula agwiritse zomwe ali nazo kale. Pa chiwongoladzanja chathu cha K20 pa K100 iliyonse pamwezi, mwezi ukatha abweze K36,000. Akamapatula K9,000 sabata iliyonse, ngongole itha ndipo mpamba utsala wake. Komatu mwezi umenewo pakhomo pangolowa K4,000 yokha, ndipo izi ayenera kugwirizana ndi a kunyumba asanatenge ndalamayo, chifukwa bambo kapena ana akaona ndalama ikulowa tsiku ndi tsiku amayesa kuti yonse ndi yodyera.

Ngati sangapirire choncho, abweze m'miyezi itatu, K10,000 mwezi uliwonse kuphatikiza chiwongoladzanja cha zotsala: K6,000, kenako K4,000, pomaliza K2,000. Alipira K12,000 m'malo mwa K6,000, koma pakhomo sipagona njala. Njira zonse ziwiri n'zabwino, bola asankhe akudziwa mtengo wake.

Kenaka anatisonyeza mayi yemweyo ali ndi masheya a K30,000, ndiye watenga K90,000 chifukwa lamulo likumulola. Mandasi ake sachuluka, poti ogula ndi omwewo. K60,000 yotsalayo ingokhala m'chikwama, ikubala chiwongoladzanja cha K12,000 pamwezi, chomwe n'choposa phindu la sabata yathunthu. Ndipo tonse tikudziwa kuti ndalama yongokhala m'nyumba sichedwa kupeza ntchito: kwagwa maliro, mwana wabwezedwa kusukulu, mlendo wafika. Pofika tsiku lobweza akufunika K108,000, pomwe geni yake yangotulutsa K40,000. M'chipindamo munangoti zii, chifukwa nthumwi iliyonse inali ndi munthu wotere m'gulu lake.

Mfundo ina inali ya nthawi. Ngongole yathu imabwezedwa pasanathe miyezi itatu, choncho geni yake ikhale yobweza ndalama sabata ndi sabata: mandasi, zitumbuwa, tomato, usipa, masamba. Nkhumba imakhala ndi bere pafupifupi miyezi inayi, mbuzi miyezi isanu, ndipo anawo ayambe akula asanagulitsidwe. Wogula chimanga mu Meyi kuti adzagulitse mu Januwale adikira miyezi isanu ndi itatu. Pa K50,000 chiwongoladzanja chokha chifika K80,000, ngakhale gulu litamulola kuchedwa chotero. Zinthu zimenezi n'zabwino, koma zigulidwe ndi ndalama zogawana kumapeto kwa chaka, zomwe zilibe chiwongoladzanja. Nthumwi ina inawonjezera kuti woyamba geni ya zakudya zokazinga mu Januwale kapena Febuluwale adziwe kuti anthu m'matumba mwawo mulibe kanthu, ndipo asayembekeze malonda ngati a nthawi yokolola.

Tinafunsa kuti munthu angadziwe bwanji msanga kuti geni ikulowa pansi. Yankho lake ndi losavuta. Tsiku limodzi pa sabata awerenge ndalama ya mpamba yomwe ili m'manja, aphatikize ndi mtengo wa ufa, mafuta ndi shuga zotsala. Kwa mayi wathu uja zikwane K24,000. Zikapezeka K19,000, ndiye kuti wayamba kudya mpamba, ngakhale akuona ngati malonda akuyenda. Kuti kuwerengaku kutheke, mpamba ukhale pa malo ake, ndalama yobweza ngongole pa malo ake, yodyera pa malo ake. Amene sadziwa kulemba agwiritse timabotolo titatu. Zizindikiro zina gulu lingazione lokha: munthu wayamba kupikula zochepa kuposa sabata yatha, kapena akungobweretsa chiwongoladzanja chokha mwezi ndi mwezi osakhudza ngongole yeniyeniyo. Choopsa kwambiri ndi kukabwereka ku gulu lina kapena kwa a katapila kuti adzabweze kuno. Zafika pamenepo, mapeto ake ndi kulandidwa ziwiya.

Pa nkhani yokongoza makasitomala panali kusagwirizana. Ena anati m'mudzi sungamukanize mnansi, ena anati ndi mmene mipamba imathera. Tinagwirizana kuti zokongozazo zisapitirire phindu la tsiku limenelo. Mayi wa mandasi akakongoza mandasi 10, phindu lonse la tsikulo lapita ndi anthu ena.

Pali chinthu chimodzi chimene ine ndinatsutsa. Nthumwi zingapo zinati m'magulu mwawo aliyense amakakamizidwa kubwereka, kuti m'bokosi musatsale ndalama ndipo zogawana zichuluke. Ine ndikuona kuti zimenezi zimapweteka wosauka. Wopanda geni akakakamizidwa kutenga K30,000, aidya, n'kudzabweza K36,000 ya maganyu, ndipo phindu lake ligawidwa molingana ndi masheya, zambiri n'kupita kwa amene ali nazo kale. Alangizi anavomereza kuti kubwereka sikuyenera kukhala kokakamiza. Ndikupempha kuti kwathu kuno zisayambike.

Ndabwera ndi mapempho awiri oti tikambirane pa mkumano wathu ukubwerawu. Loyamba, aliyense wobwereka koyamba azifotokozera gulu zomwe akagule, mtengo wake, komwe akagulitse ndi ndalama yomwe azipatula pa sabata, kuti odziwa geniyo amuthandize maganizo ndalama isanatuluke m'bokosi. Lachiwiri, tiziloleza wofuna kubweza pang'onopang'ono pa mkumano uliwonse, alembi azilemba, m'malo modikira kutha kwa mwezi. Lachiwirili likufuna kusintha malamulo athu, choncho tifike tonse. Amene akuganiza zoyamba geni abwere atafunsa kale mitengo pamsika, tidzawerengere limodzi.

Ine nthumwi yanu.