Lipoti la maphunziro a mchombo wa khanda, kwa amayi a gulu lathu la ku Chilomoni

Amayi a pampando ndi amayi anzanga nonse, ndabwerako kumene munandituma. Tinakumana amayi odzipereka ochokera ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi ife a kuno, ndipo ankatiphunzitsa anali azamba awiri. Zinalipo zambiri, za kuyamwitsa ndi za kufunditsa mwana, koma izo ndidzanena tikadzakumana. Pano ndalemba za mchombo zokha, chifukwa ndi zimene munandipatsira mafunso.

Kasamalidwe kake n'kosavuta. Mchombo umafuna ukhondo ndi kuuma basi. Musanaugwire sambani m'manja ndi sopo. Thewera lipindidwe kuti lithere m'munsi mwake, mkodzo usamaunyowetse. Ukadetsedwa ndi chimbudzi, utsukeni ndi madzi owiritsa amene azizira, n'kuupukuta ndi kansalu koyera mpaka uume. Ukasiyidwa chomwecho umafota, kuda, kuuma ngati kamtengo, ndipo kawirikawiri umagwa wokha pakati pa masiku 5 ndi 15. Osaukoka ngakhale utatsala pa kaulusi. Phulusa, mwaye, madzi a masamba, pawudala, vaselini, zonsezi ayi. Ngati kuchipatala akupatsani mankhwala opaka otchedwa kolohekisidini, pakani monga akuuzirani, ndipo muwasunge kutali ndi mankhwala a m'maso, chifukwa akalowa m'diso la khanda amaliwononga.

Apa m'pamene panabuka mkangano. Mayi wina wachikulire wa ku Bangwe anaimirira n'kunena kuti ana ake asanu ndi mmodzi onse anawapaka mwaye ndipo palibe anadwala. Mzamba sanamunyoze. Anajambula pa bolodi mmene mitsempha ya mchombo imalowera m'mimba mwa mwana, umodzi n'kulunjika ku chiwindi. Anati mchombo usanapole uli ngati khomo losatseka, choncho tizilombo tikalowa pamenepo sitichedwa kufika m'magazi. Kafumbatanso amalowera pomwepo, kudzera mu dothi ndi ndowe. Ine ndinamvetsa chimene chimatipangitsa kupaka: timafuna ugwe msanga kuti mayi atuluke m'chikuta, komanso timaopa zija amati ukagwera pa maliseche mwana sadzabereka. Mzambayo anati zimenezo sizichitika, kubereka sikukhudzana ndi pamene mchombo wagwera.

Tsopano funso lanu lalikulu, lakuti kufiira kwake n'kuti koopsa.

Mchombo ukatsala pang'ono kugwa, patsinde pake pamanyowa pang'ono, pamatha kuoneka tonanda tachikasu kapena kadontho ka magazi pa thewera. Khungu lozungulira likakhala lofanana ndi la mimba yonse, losatupa, mwana akuyamwa bwino ndipo salira mukakhudzapo, palibe vuto. Nthawi zina thewera limakhula khungu n'kulifiiritsa mbali imodzi yokha. Mukalipinda bwino, kufiira koteroko kumazilala, sikukula.

Matenda amaoneka mwina. Kufiira kumazungulira tsinde lonse, pamatuluka mafinya, pamanunkha ngati chinthu choola, ndipo mwana amalira mukadina pambali. Zikatero mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati kufiirako kwachoka patsinde n'kuyamba kufalikira pa khungu la mimba, kupitirira sentimita imodzi, ndiye kuti pafupifupi kukula kwa chikhadabo cha chala chanu, kapena khungu latupa n'kulimba, musadikire kuti kuche, ngakhale pakati pa usiku nyamukani.

Ndinafunsa kuti nanga ana athu akudawa kufiirako tikuona bwanji? Anaseka n'kuti funso limenelo ndi limene ankaliyembekezera. Anati tisayang'ane ndi kandulo kapena m'chipinda chamdima, koma titengere mwana pa zenera kapena pakhomo masana. Pa khungu lakuda malo odwala amatha kungodera kuposa pena ponse ndi kunyezimira. Ndiye maso okha sakwanira: ikani kuseri kwa chala pambali pa mchombo, kenaka pa chifuwa, mumve ngati pamchombopo pakutentha kuposa.

Anatipatsa chitsanzo cha khanda lina la masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndachilemba monga anatiyendetsera. Lachiwiri m'mawa mayi ake anaona tsinde lafiira ndi timafinya pang'ono. Mwana ankayamwa bwinobwino, thupi silinali kutentha. Akanapita tsiku limenelo, akanayezedwa, n'kupatsidwa mankhwala akumwa a amokisilini a masiku asanu, mayi n'kuonetsedwa katsukidwe ka pamchombo, n'kuuzidwa kuti abwerenso pakapita masiku awiri. Koma apongozi anakaniza, amvekere mwana satuluka m'chikuta mchombo usanagwe, ndipo anapakapo phulusa kuti uume. Lachinayi kufiira kunali kutafika kukula kwa zala ziwiri kuzungulira mchombo, mwana akungogwira bere n'kulisiya. Atafika naye kuchipatala chaching'ono, thupi linali pa 38.2 ndipo ankapuma ka 68 pa mphindi imodzi. Anamubaya jakisoni woyamba pomwepo n'kumutumiza ku Gulupu, ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumene anagonekedwa kupitirira sabata akulandira majakisoni. Anachira, koma masiku awiri aja ndi amene anasandutsa matenda a pakhungu kukhala a m'magazi.

Mzamba anabwereza kangapo kuti tiziyang'ana mwana yense, osati mchombo wokha. Khanda limene lasiya kuyamwa, likukomoka, likungogona osatakataka pokhapokha mutaligwedeza, kapena chifuwa chikulowa kwambiri mkati popuma, limenelo ladwala kwambiri ngakhale mchombo ukuoneka bwino. Kupuma tinaphunzira kuwerenga ndi wotchi ya pa foni: vundukulani mimba mwana ali phee, werengani mphindi yathunthu, mukapeza 60 kapena kuposa bwerezani, zikafikanso pomwepo thamangani. Kutentha kwa thupi koyambira 37.5 n'koopsa. Chimene chinandidabwitsa ine n'chakuti khanda lodwala kwambiri limatha kuzizira m'malo motentha, kutsika pansi pa 35.5. Ambirife tikagwira mwana n'kumva kuti sakutentha mtima umakhala pansi, osadziwa kuti kuzizirako ndi chizindikironso. Za kafumbata anati mwana amayamba wayamwa bwino masiku oyamba, kenaka nsagwada zimauma, kukamwa osatseguka, thupi n'kumakungika.

Mchombo ukagwa n'kutsala kanyama kofiirira konyowa pakati, si changozi, koma kakakhalitsa kaonetseni kwa anamwino. Mchombo wotuluka mwana akamalira nawo kawirikawiri umabwerera wokha akamakula, osamangirapo ndalama yachitsulo.

Maganizo anga ndi awa, amayi. Tikamayendera wachikuta m'dera lathu, tisamangopereka sopo ndi nsalu n'kubwerera pakhomo. Tipemphe kusamba m'manja, tione mchombowo powala, ndipo polankhula pakhale apongozi kapena agogo a mwana, popeza chilolezo chotuluka chimachokera kwa iwo. Mwambo wa chikuta sindikuutsutsa, umathandiza mayi kupuma ndiponso umachepetsa manja ogwira mwana. Chofunika n'chakuti akuluakulu avomereze kuti ulendo wa kuchipatala suswa chikuta. Ndikupempha amayi a pampando kuti nkhaniyi ilowe pa mndandanda wa Lachinayi likubwerali, pamodzi ndi ya kathumba ka ndalama yoyendera usiku maminibasi akasiya kuyenda. Ndibwera ndi chidole chimene anatipatsa kuti aliyense ayesere kupinda thewera.